Mtengo wa pa kilomita wa Vitz yanga: zolemba za miyezi isanu

2 Epulo 2024

Ndimayendetsa Vitz ya 1.3 ngati takisi ndipo ndimaimika ku Chelstone, mu Lusaka. Motoka ndi yanga, ndiye palibe bwana wondidikira madzulo, komabe mwezi wa Malichi watha ndilibe ngakhale ya matayala awiri. Ndalama imalowa tsiku lililonse, koma komwe imapita sindikudziwa. Mitengo yanga yakhala ya m'mutu: pafupi K50, m'tauni K100, ku eyapoti tikambirana. Ndinaitengera kwa anzanga a pa renki, iwonso anaitengera kwa ena, ndipo palibe amene akukumbukira kuti petulo inali pa zingati pomwe mitengoyi inkayamba.

Kale zimenezi zinkatheka chifukwa mtengo wa mafuta unkakhala miyezi yambiri osasuntha. Kuchokera pomwe boma linachotsa sabuside mu Disembala 2021, petulo n'kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16, zinthu zinasintha. Tsopano a ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta, amalengeza mtengo kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo pakati pa usiku mapampu onse asintha. Munthu sungamapite kukakangana ndi makasitomala ako mwezi ndi mwezi popanda chokuimira kumbuyo.

Ndagula kabuku ka K10 ndi bolopeni ziwiri. Choyamba ndikufuna kudziwa kuti motokayi imamwa bwanji. Wondigulitsa anati makilomita 15 pa lita, ndipo ndakhala ndikubwereza mawu amenewo zaka ziwiri ngati vesi. Lero ndadzaza thanki mpaka pampu yadula yokha, ndabweza `Trip A`, kowerengera makilomita ka pa dashibodi, pa ziro.

6 Epulo

Muyezo woyamba wawonongeka, cholakwa changa. Lachinayi ndinathira ya K150 panjira chifukwa cha chizolowezi, osalemba malita, ndipo lisiti sindinatenge. Ndayambiranso. Pano ndikuthira pamalo amodzi, pampu imodzi, ndipo ikadula koyamba ndimamuuza mnyamata kuti asawonjezere. Ena amakonda kugwedeza motoka kuti ilowe ina, koma lita imodzi yowonjezera yomweyo imasokoneza masamu onse.

11 Epulo

Zatuluka: makilomita 412, malita 36. Kugawa, ndi makilomita 11.4 pa lita. Ya 15 ija mwina imatheka pa msewu wa ku Kafue usiku, osati pa Great East Road ndi mahampu a m'makomboni. Petulo ili cha m'ma K31, choncho kilomita iliyonse imene tayala lazungulira imadya K2.72 ya mafuta okha.

Usiku tinakhala pansi ndi amayi a kunyumba, iwo ali ndi foni yowerengera, ine ndikufukula malisiti m'kabati ya motoka. Tinkafuna zinthu zimene zimatha chifukwa choyenda, osati chifukwa cha masiku. Sevisi ya oyilo ndi fyuluta imandidya K900 pa makilomita 5,000 aliwonse, ndiye 18 ngwee pa kilomita. Matayala anayi ndi K3,600 ndipo amandifikitsa cha m'ma 30,000, ndiye 12 ngwee. Mabuleki, mashoki, mabushi ndi zina za kunsi, titaphatikiza malisiti a chaka ndi theka, zinabwera 20 ngwee. Ndinati basi tamaliza, koma iwo anafunsa kuti, "Nanga motokayi ikadzafa, ina mudzagula ndi chiyani, a bambo ake mwana?" Ndinalibe yankho. Tinaika K90,000 yogulira ina pa makilomita 180,000 amene ndikuganiza kuti iyi yatsala nawo, ndipo inatuluka 50 ngwee. Zonse pamodzi K1.00 ndendende, zomwe zinandisangalatsa chifukwa n'zosavuta kusunga m'mutu.

Motero kilomita yoyenda ndi K3.72. Ndinagona mosangalala, poganiza kuti ulendo wa ku Cairo Road wa makilomita 13 umandidya K48 yokha ndipo pa K100 ndimatsala ndi yoposa theka.

20 Epulo

Chisangalalo chija chinali cha munthu wosawerenga bwino. Sabata yonseyi ndakhala ndikulemba nambala ya pa dashibodi kasitomala akamakwera ndi akamatsika. N'zotopetsa, ndipo ena amakuyang'ana ngati ukuwalembera mlandu, koma apa ndiye panabisala ndalama yanga. M'masiku asanu ndi limodzi ndayenda makilomita 840. Mwa amenewo, okhala ndi munthu kumbuyo ndi 460 okha. Otsalawo, 380, ndinali ndekha ndi wailesi: kupita kukatenga munthu ku Avondale, kubwerera kuchokera m'tauni wopanda kanthu, kuzungulira ku Kaunda Square kufuna nyumba yomwe andiuza kuti ili "pafupi ndi geti lakuda".

Motoka sidziwa kuti muli kasitomala kapena mulibe, imamwa chimodzimodzi. Ndikagawa 840 ndi 460 ndikupeza 1.83, kutanthauza kuti kilomita iliyonse yolipidwa imanyamula pamsana pake ina pafupifupi yathunthu yosalipidwa. K3.72 ija kuchulukitsa ndi 1.83 ikukhala K6.80. Ulendo wa m'tauni uja sumandidya K48 koma K88, ndipo pa K100 ndimatsala ndi K12, inshuwalansi ndisanalipire, nsima ndisanadye. Matayala a Malichi ndawapeza komwe anapita.

Nambala iyi ya 1.83 ndi yanga, musaitengere. Mnzanga amene amaima pa Manda Hill amapeza munthu wobwerera naye kawirikawiri, ndipo yake ingakhale yotsika. Wa njinga yamoto amene amangozungulira mu Mtendere ndi Kalingalinga ingakhale inanso. Aliyense alembe sabata yake.

24 Epulo

Zatsala ndi zinthu zomwe zimafuna ndalama ngakhale motoka igone pabwalo: inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi fitinesi ku RTSA, ya pa renki, kutsukitsa, tokutaimu ndi mabando. Kuzigawa pa masiku ogwira ntchito zikubwera cha m'ma K50 patsiku. Ndadziikira malipiro a K250 patsiku, pamodzi K300. Poyamba ndinafuna kuzimwaza pa makilomita, koma zikatero ulendo waufupi umakhala wotchipa mopusa, munthu wa makilomita awiri n'kulipira K20 pamene wandidyera theka la ola. Ndimagwira maola khumi ndipo m'kabuku maulendo akumakwana khumi patsiku, ndiye ulendo uliwonse unyamule K30 yokwerera, kenako K7 pa kilomita. Kuchoka ku Chelstone kufika Cairo Road ndi K121, tinene K120.

Ndaziika mu sipuredishiti ya m'foni kuti ndisamawerengere pamanja. `B1` ndi mtengo wa lita, `B2` makilomita pa lita, `B3` zokutha, `B4` ndi 1.83 uja, `B5` mtengo wa pa kilomita umene ndasankha, `B6` kutalika kwa ulendo.

```
=(B1/B2+B3)*B4
=MROUND(30+B5*B6,5)
```

Mzere woyamba umapereka mtengo weniweni wa kilomita yolipidwa. Wachiwiriwo ndi mtengo wa ulendo, ndipo umazungulizira pa K5 yapafupi, chifukwa nkhani ya chenji ya makoini m'mawa imathetsa chibale.

Makasitomala anga okhazikika alandira K120 mosavuta kuposa momwe ndinkaopera. Mayi wina amene ndimamupititsa ku ntchito m'tauni m'mawa uliwonse anangoti, "Ba draiva, ndinkadabwa kale kuti mukukwanitsa bwanji."

1 Meyi

A ERB alengeza dzulo. Petulo yadumpha kuchoka cha m'ma K31 kupitirira K35, kukwera kwa K4 ndi theka pa lita. Pa renki m'mawa uno panali ngati pamaliro. Mdala wina anawerengera kuti mafuta akwera ndi 14 peresenti, ndiye mitengo yonse ikwere ndi 15, ndipo tonse tinavomera. Inenso, ndi kabuku kanga m'thumba, ndinavomera. M'tauni K140.

9 Meyi

Sabata yoipa. Anthu atatu amene ankandiimbira kawirikawiri angoti zii. Mmodzi ndinamuona akukwera motoka yoitanitsa pafoni pa geti lake lomwelo lomwe ndimamutengera. Masiku ano munthu ukamutchulira mtengo amayamba wayang'ana pafoni kuti kumeneko akuti zingati, ndipo K140 inamuthawitsa.

Nditatsegula foni yanga ndinachita manyazi. Mafuta akwera ndi 14 peresenti, inde, koma matayala sanakwere usiku umenewo, inshuwalansi sinakwere, malipiro anga sanakwere. Pa K120 ija, mafuta ndi K65 yokha, kuphatikiza ndi makilomita opanda munthu. K4.50 kugawa ndi 11.4 ndi 39 ngwee pa kilomita yoyenda, kuchulukitsa ndi 1.83 ndi 72 ngwee pa kilomita yolipidwa. Pa makilomita 13 ndi K9 ndi makobiri. Mtengo woyenera unali K130, ndipo K10 inayo ndinangowalanda anthu chifukwa cha mantha a pa renki.

Pamenepa ndapezapo kalamulo kamene ndikuganiza kuti ndiko phindu la ntchito yonseyi. Pa motoka yanga, K1 ikakwera pa lita, kilomita yolipidwa imakwera ndi 16 ngwee. Ndiye pamafunika K3 yathunthu pa lita kuti ndisunthe mtengo ndi 50 ngwee. Ndapanga masitepe: petulo ikakhala kuyambira K27 osafika K30, kilomita ndi K6.50, kuyambira K30 osafika K33, K7, kuyambira K33 osafika K36, K7.50, kuyambira K36 osafika K39, K8. K30 yokwerera sigwedezeka ndi mafuta. Mkati mwa sitepe imodzi, mtengo ukakhala kumunsi ndimadyapo pang'ono, ukakhala kumtunda ndimaluza ngwee zingapo, ndipo ndavomera zimenezo kusiyana n'kumasintha mitengo mwezi uliwonse chifukwa cha 40 ngwee.

Ndasindikiza kapepala ku kashopu ka pa msika, K15 pamodzi ndi pulasitiki yake, ndakamata kumbuyo kwa mpando wanga. Awiri mwa atatu aja ndawatumizira chithunzi chake ndi mawu opepesa. Mmodzi wabwerera.

14 Meyi

Bowo lina. Mayi wa m'mawa uja amalipira mwezi wonse pasadakhale, ndipo malipiro ake amalandira pa 28. Anandipatsa K2,640 ya masiku 22 pa mtengo wa K120, patatsala masiku awiri kuti mafuta akwere. Pa K130 ikanakhala K2,860. Sindinamupemphe K220 yotsalayo, tinapangana kale ndipo pangano ndi pangano. Tagwirizana kuti azipereka ndalama pa 28 monga mwa nthawi zonse, koma pa 1 tiziyang'ana sitepe: ikakwera awonjezera, ikatsika ndimubwezera kapena ipita ku mwezi wotsatira. Anaseka n'kuti, "Tidzaone tsiku lomwe mudzabweze."

12 Juni

Mtengo wa mafuta mwezi uno sunandichotse pa sitepe ya K7.50, koma ndalama yamadzulo yayamba kuchepa popanda chifukwa chooneka. Ndikanakhala wopanda kabuku ndikananena kuti ndi bizinesi yavuta, kapena kuti pampu ikundibera. Ndinabwereza muyezo wa thanki yodzaza: makilomita 343, malita 35. Ndi 9.8 pa lita. Pa petulo ya K35 ndi theka, kusiyana kwa 11.4 ndi 9.8 ndi 51 ngwee pa kilomita iliyonse, ndipo pa makilomita 840 a sabata ndi K430 yongopsa.

Zizindikiro zinalipo, kungoti sindinazilabadire. M'mawa kukazizira injini inkanjenjemera pa maloboti, ndipo pokwera kamtunda ndi anthu atatu inkachita ulesi mpaka kuponda kwambiri. Makanika wanga wa ku Kalingalinga anatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, n'kuitulutsa, n'kuimenya pa tayala. Fumbi lofiira linatuluka ngati wakutumula thumba la simenti. "Mudala, motoka iyi ikupuma ndi mphuno imodzi," anatero. Pa sevisi ndakhala ndikusintha oyilo ndi fyuluta yake yokha, ya mpweya ankangoipemerera. Mapulagi nawo anali akuda, mipata yake itakula. Matayala akumbuyo onse awiri anali ndi mpweya wochepa.

Fyuluta K150, mapulagi anayi K320, ntchito K100, mpweya K5. Thanki yotsatira yabwera pa 11.2.

Ndinaganizapo zosintha `B2` kukhala 9.8 masiku amenewo kuti mtengo ukwere, koma ndinaona kuti n'kulakwa. Kukwera kwa ku ERB n'kwa tonse, ndipo aliyense wonyamula anthu amakumana nako. Fyuluta yotsekeka ndi ulesi wanga, kasitomala sangaulipire, ndipo akaona kuti ndadula amangopita kwa wina amene motoka yake ikupuma bwino. Kuyambira pano muyezo wa thanki ndi kamodzi pamwezi, sabata yoyamba, ndipo ukatsika pansi pa 11 ndikupita kwa makanika, osati kosindikiza kapepala katsopano.

25 Juni

Makilomita sanena zonse. Ulendo wa ku Cairo Road ndikanyamuka 05:30, monga ndimachitira ndi amayi ena awiri okaoda tomato ku Soweto Market, ndi mphindi 25. Ndikanyamuka 07:00, kuyambira pa Munali kudutsa yunivesite ya UNZA, Arcades mpaka Kabwe roundabout ndi kukwawa, ola ndi mphindi 15 kapena kuposa. Makilomita ndi omwewo 13, mtengo womwewo, koma K30 yokwerera ija inamangidwa poganiza kuti ulendo umodzi ndi kubwerera kwake zimadya ola limodzi. Kunena zoona K30 imeneyo ndi mtengo wa ola langa. Ulendo ukadya maola awiri, ola linalo ndagwira ganyu yaulere, osawerengera mafuta opsa motoka itaima.

Ndawonjezera K20 pa maulendo olowa m'tauni pakati pa 06:30 ndi 08:30, ndi otuluka pakati pa 16:30 ndi 18:30. Sikukwanira kwenikweni, K30 ikanakhala bwino, koma ndaona pankhope za anthu kuti K20 ndi pomwe amalekera. Kudikira: mphindi khumi zoyamba n'zaulere, kupitirira apo K1 pa mphindi. Lamulo limeneli labadwa chifukwa cha bambo wina amene anati "ndingotenga kapepala" pa ofesi ina ku Ridgeway, n'kutuluka patatha mphindi 50 akutafuna chingwa.

1 Julaye

Petulo yatsika, yabwerera cha m'ma K31 ndi theka. Pa renki palibe amene wanena zotsitsa, onse akuti tidikire tione. Ine kapepala kali kumbuyo kwa mpando, aliyense amakawerenga, ndipo mtengo watsopano anthu aumva pa wailesi. K7 basi.

Chinandiwawa n'chakuti Loweruka ndinadzaza thanki pa mtengo wakale, malita 34, ndiye K4 pa lita ndi K136 yopita. Koma mu Meyi zinali mwina: thanki yotchipa ndinaigulitsa pa mtengo wokwera ndipo sindinadandaule. Chomwe ndaphunzirapo n'chaching'ono. Masiku awiri omaliza a mwezi ndimayang'ana momwe kwacha yayendera ndi dola, popeza mafuta athu onse ndi ochokera kunja ndipo kwacha ndi mtengo wa kunja ndi zomwe a ERB amatchula akamalengeza. Kwacha ikakhala kuti yalimba mwezi wonse ndimathira ya tsiku limodzi lokha. Ikakhala kuti yagwa ndimadzaza madzulo, mizere isanatalike. Nthawi zina ndidzaphonya.

Mayi wa m'mawa ndamubwezera K10 pa tsiku lililonse la mwezi uno. Anawerenga kawiri, kenako anandipatsa nambala za anzake awiri a ku ofesi okhala ku Avondale.

19 Julaye

Masamu anga agwa pa ulendo wa ku eyapoti. Ndinatenga munthu m'tauni kupita ku Kenneth Kaunda International Airport, dashibodi inawerenga makilomita 26, foni inati K210. Ndinalandira mosangalala. Kumeneko sindinapeze wobwerera naye, ndipo wina anali akundidikira m'tauni, choncho ndinabwerera ndekha njira yonse. Makilomita 52 pa K3.76 ndi K196. Ndatsala ndi K14 pa maola awiri.

Vuto lake ndi ili: 1.83 ndi pakatikati pa sabata yonse, maulendo obwerera ndi munthu ndi obwerera wopanda. Ulendo wotuluka kunja kwa tauni nambala yake ndi 2 yathunthu, ndipo ukatalika kusiyana kwakung'onoko kumameza K30 yonse. Tsopano ulendo uliwonse wopitirira makilomita 15 wopita komwe sindingapeze munthu, monga eyapoti, Chongwe kapena Chilanga, ndikuwerengera mwina: makilomita opita ndi obwerera pa mtengo wa kilomita yoyenda, kuphatikiza K30 pa ola lililonse. Eyapoti kuchokera m'tauni ikukhala K196 ndi K60, tinene K260. Pomwe pali geti lolipira, kaya la msonkho wa pamsewu kaya la poimika, ndalama yake ndi yapadera ndipo ndimanena tisananyamuke.

Ubwino wake, amene akungoperekeza m'bale wake n'kubwerera nane salipira kawiri. Makilomita obwerera analipidwa kale, amangowonjezera ya kudikira. Banja lina la ku Woodlands litamva zimenezi linasiya kutenga mamotoka awiri osiyana.

1 Ogasiti

Petulo yakweranso, ili cha m'ma K33 ndi theka. Yadutsa mzere wa K33 ndi makobiri ochepa, ndipo kapepala kakuti K7.50. Foni ikuti mtengo weniweni pa kilomita yolipidwa ndi K7.20. Mnyamata wina wa ku UNZA, amene amaoneka kuti masamu ndi chakudya chake, anawerengera ali kumbuyo n'kunena kuti, "Amalume, mafuta akwera K2 yokha, inu mwakweza ngati akwera K3." Ndinamuuza kuti akunena zoona, ndipo kuti petulo ikadzafika K35.90 adzalipira K7.50 yomweyo pamene ine ndikuluza. Analipira, koma sanakhutire, ndipo inenso pang'ono sindinakhutire. Masitepe a K1.50 pa lita ndi 25 ngwee pa kilomita angakhale achilungamo kuposa awa, kungoti pa ulendo waufupi kuzungulizira pa K5 kumawafafaniza. Ndasiya momwe zilili mpaka chaka chithe.

Ndabwereza sabata yolemba makilomita. Chifukwa cha amayi awiri a ku Avondale aja, amene ndimawatenga madzulo pobwerera kuchokera m'tauni, ulendo womwe kale unali wopanda munthu, makilomita ndi 865 ndipo olipidwa ndi 510. Nambala yatsika kuchoka pa 1.83 kufika pa 1.70. Pa petulo ya lero zimenezi zikuchotsa 51 ngwee pa kilomita yolipidwa, chimodzimodzi ngati a ERB atsitsa lita ndi K3. `B4` sindinaisinthe, ndikufuna ndione ngati zikhala choncho miyezi itatu.

17 Ogasiti

Envelopu yoikamo K1 ya zokutha ija pa kilomita iliyonse, imene amayi a kunyumba amasunga ndipo ine sindidziwa komwe imagona, yatulutsa K1,800 ya matayala awiri akutsogolo popanda kukongola kwa munthu. Shoki ya kumanzere kumbuyo yayamba kudontha, makanika akuti ifika Okutobala ngati ndisiya njira yachidule ya ku Ng'ombe. Muyezo wa mwezi uno ndi 11.3. Chomwe sindinachipezere mtengo ndi mvula: ikayamba mu Novembala misewu ya ku Kanyama ndi Chawama imasanduka madambo, mabushi amatha msanga, ndipo 20 ngwee ya za kunsi ija inawerengedwa mosasiyanitsa dzinja ndi chilimwe. Ndatsegula tsamba latsopano m'kabuku, malisiti a Novembala mpaka Malichi adzakhala paokha.